Kiriyetini: zomwe mphwanga anamva ku jimu ndi zomwe anapeza atafufuza (mafunso ndi mayankho)

Mphwanga anayamba jimu kumapeto kwa chisanu, kajimu kena ka kuno ku Highfield kufupi ndi Machipisa, kamene theka la zitsulo zake ndi zowotcherera ndipo benchi yake inasokedwa ndi waya. Mnyamata woonda ndithu, makilo 68 pa sikelo. Sanathe ndi mwezi womwe anali atamva kale za kaufa koyera kotchedwa kiriyetini, wina akuti kamaphulitsa impso, wina akuti ndi masiteroyidi obisa, wina akuti dazi lili m'njira, koma omwe ankanena zimenezi ena mwa iwo botolo lake linali m'chikwama chawo. Iye ndi munthu wosakhulupirira msanga, ndiye anayamba kufunsa, kuwerenga, mpaka kukavutitsa mayi wina wa ku famase ndi nesi wa ku kiliniki. Mafunso ali m'munsiwa ndi ake komanso a anzake a pa gulu lathu la a Chichewa kuno ku Harare, mayankho ndasonkhanitsa ine mkulu wake, amene zitsulozi ndinayamba kale kunyamula.

Kodi kiriyetini ameneyu ndi chani kwenikweni?

Ndi chinthu chimene thupi lako limapanga kale, ngakhale agogo kumudzi ku Dedza ali nacho m'thupi. Impso ndi chiwindi zimapanga pafupifupi galamu imodzi pa tsiku, ndipo ina umaipeza ukadya nyama kapena nsomba. Pafupifupi yonse, 95 pa 100 iliyonse, imakasungidwa m'minofu. Si chinthu chatsopano ayi, wasayansi wa ku France dzina lake Chevreul anachipeza mu nyama mu 1832, ndipo anthu amasewero anayamba kumwa cha ufachi kwambiri cha m'ma 1992.

Ntchito yake ndi yaing'ono koma yomveka. Ukanyamula chitsulo cholemera, mphamvu yoyamba imene mnofu umagwiritsa ntchito imatha m'masekondi ochepa, ndiye kiriyetini wosungidwa uja ndi amene amabwezeretsa mphamvuyo mwachangu kwa masekondi mwina 10. Zili ngati kabatire ka inveta magetsi akazima, sikangakuphikireni nyemba koma kamagwirizira kwa kanthawi. Ukamamwa wa ufayo ndiye kuti ukungodzadzitsa nkhokwe ya m'minofu imene chakudya chokha sichimaidzadza, basi. Pa benchi zimaoneka chonchi, pomwe umathera pa marepu 8, ndiko kuti kukweza chitsulo maulendo 8, mwina ufika 9 kapena 10, ndipo timarepu towonjezerato tikachuluka kwa miyezi ndi tomwe timamanga thupi.

Aise wina anati ndi masiteroyidi. Zoona?

Bodza. Masiteroyidi ndi mahomoni opangidwa motengera tesitositeroni, amasokoneza thupi lonse, pomwe kiriyetini si homoni ndipo sali pa mndandanda wa zoletsedwa wa bungwe la WADA, lija limayang'anira za mankhwala m'masewero. Wothamanga wa ku Olimpiki atha kumwa poyera.

Koma pali chifukwa chimene bodzali silifa. Pa jimu ya mphwanga pali mkulu wina amene anafufuma m'miyezi itatu yokha, mapewa ngati wabisa zinthu m'malaya, ndipo aliyense akamufunsa amati "ndi kiriyetini basi amwene, ndi mazira". Mphwanga anabwera kunyumba maso ali gwa, akuti achimwene ndikufuna chomwecho. Ndinamuuza kuti akamuyang'anitsitse kumsana akavula vesiti. Anabwerako akuti msana wonse ziphuphu zikuluzikulu, ndipo mabere ayamba kutupa kunsonga ngati mtsikana wongotha msinkhu. Zimenezo si za ufa woyera uja ayi, ndi za jakisoni. Munthu wobaya sanena kuti ndikubaya, amanamizira kiriyetini chifukwa ndi chovomerezeka, ndiye ongoyamba kumene amagula botolo kuyembekezera thupi ngati lake, ndipo amayi akunyumba akaona mwana wa eni wasintha chonchija amati ndi kaufa kaja.

Nanga za impso? Ili ndiye funso limene linatisowetsa tulo

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe pali nkhani yeniyeni, ndipo mphwanga zinamuchitikira.

Anayamba kumwa magalamu 5 pa tsiku. Patapita miyezi iwiri anapeza ntchito ku kampani ina ku Msasa ndipo anamutuma kukayezetsa m'thupi kaye, magazi ndi mkodzo. Pepala litabwera panali nambala imodzi yoikidwa chizindikiro, kiriyetinini 114, pomwe malire a labu imeneyo kwa mwamuna anali kuthera pa 110. Ndiye kiriyetinini, osati kiriyetini wa ufa uja ayi, ndi nambala imene madokotala amayang'ana pofuna kudziwa ngati impso zikusefa bwino. Mnyamata anafika kunyumba nkhope itagwa, amayi atamva anangoti "ndinanena ine", botolo lija analitenga n'kukalibisa m'kabati ya mbale.

Mmene zimakhalira ndi chonchi. Tsiku lililonse kagawo kakang'ono ka kiriyetini wa m'minofu, pafupifupi 2 pa 100, kamasanduka zinyalala zotchedwa kiriyetinini, zimalowa m'magazi, impso n'kuzisefa kupita mu mkodzo. Impso zikafooka zinyalalazi zimaunjikana m'magazi ndipo nambala imakwera, n'chifukwa chake amayeza imeneyo. Koma nambala yomweyo ithanso kukwera impso zili bwinobwino, ngati zinyalala zikupangidwa zambiri kuposa kale. Munthu wa minofu yambiri amapanga zambiri. Amene wadya nyama yambiri usiku wake amapanga zambiri, chimodzimodzi amene dzulo lake anapanga masikwati mpaka kuyenda chokwawa, ndiye ukawonjezera kumwa kiriyetini weniweniyo nkhokwe yakula, zinyalala nazo zichulukirapo. Makina a ku labu sadziwa zonsezi, amangowerenga nambala.

Mphwanga anabwerera ku kiliniki ndi pepala lija, ulendo uno atanyamula ndi botolo lomwe (anachita kukaliba m'kabati muja). Nesi wake anali mayi wachikulire wodekha, anamufunsa kuti "mwanawe, dzulo lake usanayezetse unachita chani?" Iye n'kuyankha kuti linali tsiku la miyendo ku jimu, madzulo anadya nyama yootcha kwa mnzake, ndipo m'mawa anapita ku labu asanamwe ndi madzi omwe poopa mzere. Mayi aja anaseka, anayang'ana mbali ina ya pepala n'kumuonetsa kuti mu mkodzo mulibe puloteni, mulibe magazi, mulibe shuga, anamuyeza bipi ili bwino. Anamuuza asiye kaye ufawo kwa mwezi ndi kupitirirapo pang'ono, asapite ku jimu masiku awiri asanayezetse, asadye nyama yambiri usiku wake, amwe madzi monga mwa nthawi zonse, kenako abwereze. Atabwereza nambala inali 97.

Muone apa, mayiwo sananene kuti "palibe vuto, pita". Anayang'ana zizindikiro zina kaye kenako n'kubwereza kuyeza, chifukwa nambala yokwera itha kukhalanso matenda enieni amene angokumana ndi nthawi yomwe munthu wayamba jimu. Ikanakhala kuti siinatsike, kapena mu mkodzo muli puloteni, kapena mapazi ndi nkhope zikutupa m'mawa, mkodzo ukuchita thovu losatha, imeneyo ikanakhala nkhani ina yofunika dokotala msanga. Palinso kuyeza kwina kotchedwa sisitatini C kumene sikudalira minofu kapena kiriyetini amene wamwa, dokotala atha kukupempha ngati akukaika, kungoti ndi kodulirapo ndipo si labu iliyonse imapanga.

Kwa anthu a impso zabwino, akafukufuku ayeza kiriyetini kwa zaka zoposa 30 tsopano, ena kutsatira anthu omwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zingapo, ndipo pa mlingo wa magalamu 3 mpaka 5 sanapeze kuti impso zikuonongeka. Chomwe ndimauza aliyense ndi chakuti ukamakayezetsa magazi unene wekha kuti ndimamwa kiriyetini, usadikire kufunsidwa.

Ndiye kuti aliyense atha kumwa?

Ayi ndithu. Amene anauzidwapo kuti impso zake zili ndi vuto asayambe payekha. Wa shuga ndi wa bipi nayenso afunse kaye, chifukwa matenda awiri amenewa ndi omwe amadya impso mwakachetechete ndipo ambiri sadziwa kuti zayamba kale kufooka.

Palinso gulu limene ku jimu sililankhulidwa koma tili nalo pakati pathu, abale athu omwe ali pa ma ARV. Piritsi limene ambiri akumwa masiku ano lili ndi tenofoviya, mankhwala amene achipatala amayang'anira impso chifukwa cha iwo, komanso dolutegulaviya amene payekha amakwezako pang'ono nambala ya kiriyetinini ngakhale impso zili bwino. Ndiye ukathirapo ufa uja osauza aliyense, nesi akaona nambala yakwera sadziwa kuti chakweza ndi chiti, atha kuda nkhawa ndi mankhwala amene akukuthandiza bwinobwino. Sindikuti n'zoletsedwa, ndikuti kambiranani ndi a ku kiliniki musanayambe, ndipo ma ARV musasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha za jimu.

Enanso ndi aja amameza ma dikolofenaki ndi ma buluufeni ngati mtedza thupi likamawawa pambuyo pa jimu. Mapiritsi amenewo ndi omwe amadziwika kuti amapweteka impso ukamamwa pafupipafupi, makamaka uli ndi ludzu, koma palibe amawaopa, aliyense akuopa kaufa. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asiye kaye. Ana osakwana zaka 18 ine ndimati adye nsima, aphunzire kunyamula bwino, za mabotolo zidzabwera.

Akuti kamathothola tsitsi mpaka dazi

Iyi mphwanga anaifufuza yekha mpaka kupeza gwero lake, ndipo gwerolo lili pafupi, ku Joni. Mu 2009 kunatuluka kafukufuku wa anyamata osewera ragibi ku Stellenbosch, anawapatsa magalamu 25 pa tsiku kwa sabata imodzi kenako 5 pa tsiku kwa masabata awiri, ndipo homoni yotchedwa DHT inapezeka yakwera m'magazi mwawo. DHT ndi imene imakhudzana ndi dazi la amuna, ndiye anthu anangolumpha n'kuti basi kiriyetini amathothola tsitsi. Koma m'kafukufukuyo palibe anawerenga tsitsi la munthu, palibe ananena kuti lathothoka, anali anyamata ochepa ndipo zinali za masabata atatu okha. Mu 2025 ena anayeza tsitsi lenilenilo kwa masabata 12, omwa ndi osamwa, osapeza kusiyana.

Dazi limayenda m'magazi a banja ndipo nthawi zambiri limayamba zaka za m'ma 20, zomwenso ndi zaka zimene anyamata amayamba jimu. Kwathu amalume onse mitu ndi yowala ndipo palibe analawako kiriyetini, ndiye mphwanga likadzamupeza asadzanamizire botolo.

"Ndi madzi chabe amenewo, ukasiya uphwa." Nanga izi?

Apa anzake aja ananena zoona theka. Kiriyetini akamalowa m'mnofu amakoka madzi kulowa nawo, ndiye sikelo imakwera msanga, kilo imodzi kapena ziwiri, makamaka kwa amene wayamba ndi mlingo waukulu. Mphwanga anachoka pa 68 kufika 69 ndi kanthu m'mwezi woyamba ndipo anabwera akuvina kuti minofu yabwera, ndinamuuza kuti dekha mphwanga, mnofu sumera liwiro limenelo, ambiri mwa amenewo ndi madzi. Koma madziwo ali mkati mwa mnofu, si aja otupitsa mapazi kapena nkhope, ndipo si mafuta.

Phindu lenileni limabwera mochedwa kudzera mu marepu owonjezera aja. Akaphatikiza akafukufuku ambiri, omwa kiriyetini uku akunyamula zitsulo amaposa anzawo osamwa ndi pafupifupi kilo imodzi ya thupi losakhala mafuta pa miyezi iwiri kapena itatu. Kilo imodzi, osati khumi. Ndipo alipo ena amene samva kusintha kulikonse, kawirikawiri ndi aja amadya nyama yambiri kale moti nkhokwe yawo ili pafupi kudzadza, pomwe amene amadalira nyemba ndi masamba ndi omwe amaona kusintha kwambiri.

Kamwedwe kake ndi kotani? Kulodinga n'kofunika?

Njira zilipo ziwiri ndipo zonse zimakafika pamodzi. Yoyamba ndi imene ku jimu amati kulodinga, magalamu 20 pa tsiku ogawa kanayi, 5 m'mawa, 5 masana, choncho, kwa masiku 5 mpaka 7, kenako kutsika kufika 3 mpaka 5 pa tsiku. Yachiwiri ndi kungoyamba ndi 3 mpaka 5 pa tsiku osalodinga, minofu imadzadza ndithu koma pakatha pafupifupi masabata anayi. Kusiyana kwake ndi liwiro basi.

Ine ndimakonda yachiwiri, ndipo chifukwa chake ndi mnzake wa mphwanga wa ku Mufakose amene anamva za 20 n'kuthira masupuni onse anayi m'botolo limodzi, kugugudiza, n'kukwera kombi ya ku tauni. Akuti pofika pa Kopakabana anatsika akuthamanga osadikira chenji. Ufa wambiri nthawi imodzi sulowa wonse, wotsalawo umakoka madzi m'matumbo ndipo m'mimba mumatseguka. Ngati 5 yokha ikukuvutitsa m'mimba, igawe pawiri ndipo umwe ndi chakudya.

Poyeza, mabotolo ambiri amabwera ndi kasupuni kake, werenga pa botolo kuti kamanyamula magalamu angati. Kakasowa, tiisupuni yosefukira pang'ono ili cha m'ma 4 kapena 5, yosasefukira ili cha m'ma 3, zonse zili bho kwa munthu wa thupi ngati la mphwanga. Botolo la magalamu 300 pa 5 tsiku lililonse likutengera masiku 60, pa 3 likutengera masiku 100, pomwe wolodinga amatha magalamu 140 sabata yoyamba yokha, ndiye ndi madola ovutawa muwerengere nokha.

Nthawi yomwera ilibe nkhani kwenikweni, m'mawa, madzulo, usanapite kapena utabwerako, bola tsiku lililonse kuphatikiza masiku opuma, chifukwa sagwira ntchito ngati khofi kuti wamwa pompo wamva. Thira m'madzi, mu tiyi, m'phala, mu mahewu, zonse zimatheka. M'madzi ozizira sasungunuka yense, amatsalira pansi ngati timchenga, ndiye uzunguze n'kumwa ndi totsalirato. Chokhacho usasakanize lero n'kudzamwa mkuja, akakhalitsa m'madzi makamaka a juwisi wowawasa amayamba kuonongeka.

Bwanji osangodya nyama m'malo mogula ufa?

Kilo yathunthu ya nyama ya ng'ombe yaiwisi ili ndi magalamu 4 kapena 5 okha, ndipo ukaiphika ena amaonongeka. Ndani pano akudya kilo ya nyama tsiku lililonse yekha? Komabe funsoli lili ndi nzeru mkati mwake. Mphwanga ankapita ku jimu atangomwa tiyi ndi buledi, ndipo ndinamuuza kuti ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, mazira ndi matemba ndi nyemba ndi mkaka zibwere kaye, chifukwa kiriyetini si chakudya, alibe puloteni yomangira mnofu. Woyamba kumene amakula msanga ngakhale popanda botolo lililonse, miyezi yoyambayo thupi limangoyankha lokha bola ukudya ndi kugona.

Akuti amaumitsa thupi ndi kukokanitsa minofu

Akafukufuku amene anatsatira osewera mpira m'nyengo yotentha sanapeze kuti omwa kiriyetini amakokana minofu kuposa anzawo. Imwa madzi monga munthu wochita masewero, makamaka mu Okutobala kukamatentha, yang'ana mkodzo ukhale woyererako. Za malita asanu mokakamiza zija n'zosafunika.

Atsikana nawo atha kumwa?

Eya, mlingo womwewo wa 3 mpaka 5. Sameretsa ndevu, sasintha mawu, si homoni paja. Mlongo wathu anangodandaula za sikelo kukwera pang'ono, ndi madzi aja tanena.

Pogula ndiyang'ane chani kuti asandipusitse?

Mtundu umene unayezedwa kwambiri ndi wotchipa uja, ukamafufuza pa foni lemba `creatine monohydrate` ndipo mawu omwewo akhale pa botolo, pa mndandanda wa zomwe zili mkati pakhale chimenecho chokha. Mitundu ina ya mayina ataliatali imene amati ndi yamphamvu kuposa imangodula, palibe umboni woti imaposa. Ufa wake ndi woyera, wopanda fungo, pakamwa sukoma chilichonse kwenikweni, umangomveka ngati timchenga tosalala.

Chimene mayi wa ku famase anamuchenjeza mphwanga, ndipo ine ndikugwirizana nacho kwambiri, ndi za timapepala ta pulasitiki topanda dzina timene anyamata ena amagulitsa pa jimu kapena m'misika ya m'tauni, akuti tapungulidwa m'chithumba chachikulu. Mwina ndi kiriyetini, mwina ndi ufa wa gulukosi, mwina muli zina zoti umve "mphamvu" msanga ubwerenso kudzagula. Gula botolo lomata, lokhala ndi deti yothera ntchito ndi nambala ya bachi, ku famase kapena shopu yodziwika. Ngati wamwa n'kuyamba kunjenjemera, mtima kuthamanga, khungu kuyabwa, tulo osabwera, ndiye kuti wamwa zosakaniza zija za musanayambe jimu zodzadza ndi kafini, kiriyetini payekha sachita zimenezo.

Ndikasiya chichitike n'chani? Ndiyenera kumapumira?

Kupumira sikofunika, za miyezi iwiri kumwa mwezi umodzi kusiya zija zikungofanana ndi za anthu a jakisoni amene amayenera kupumitsa thupi. Ukamamwa, thupi limachepetsako kupanga kwake, ukasiya limayambiranso, ndipo nkhokwe ya m'minofu imatsika pang'onopang'ono kubwerera pakale m'masabata 4 mpaka 6. Mphwanga mwezi umene anasiya chifukwa cha nkhani ya labu ija sikelo inatsika pafupifupi kilo, repu yomaliza pa benchi inayamba kukanika, koma chitsulo chimene ankanyamula sichinabwerere cha tsiku loyamba ayi, mnofu umene wamanga umakhala bola usasiye jimu ndi kudya. Ukaiwala tsiku limodzi kapena awiri usachite kuphatikiza mawa lake, ingopitiriza ndi supuni imodzi yomweyo.